Mafunso khumi a chinthu chimodzi: mmene amayezera kupanikizika maganizo

Munthu akafika kuchipatala amamukweza pa sikelo, amamuika choyezera kutentha m'khwapa, amamumanga lamba pamkono kuti aone kuthamanga kwa magazi, ndipo chilichonse chimatulutsa nambala. Koma munthu yemweyo akamadandaula kuti zinthu zamuchulukira, kuti mtima suli m'malo, palibe chida chomwe angamugunditse. Kupanikizika maganizo kulibe kulemera, ndipo sikuoneka pa galasi la m'labu. Chimodzimodzinso kukhulupirira boma, kukhutira ndi ntchito, kapena kusungulumwa. Komabe malipoti a kafukufuku amalemba molimba mtima kuti gulu ili ndi lopanikizika kuposa lija, ndipo penapake m'munsi amaikapo kachiganizo koti “alifa ya Cronbach inali 0.82”. Owerenga ambiri amangokalumpha. Kachiganizo kameneko kali ndi nkhani yake, ndipo kamanena zochepa kuposa zomwe olemba malipoti ambiri amakasenzetsa.

Bwanji osangomufunsa munthuyo kuti, “Kodi ndinu wopanikizika maganizo?” Mungathe kutero, koma yankho la funso limodzi limabwera ndi zinyalala zambiri. Wina wamva funsolo ngati likunena za ndalama zokha. Wina wafunsidwa atangokangana ndi kondakitala wa minibasi, choncho wayankha mokweza ngakhale mwezi wonse unali wabwinobwino. Wina ndi wa ulemu, safuna kudandaula pamaso pa mlendo, ndiye akungoti “tili bwino, kaya inu”. M'yankho lililonse muli mbali ziwiri zosakanikirana: gawo lochokera ku chinthu chenicheni chomwe tikufuna, ndi gawo lochokera ku ngozi za tsikulo ndi za funsolo. Ndi funso limodzi simungazilekanitse.

Zili ngati mlandu wa pabwalo la amfumu. Palibe mwa oweruza amene anaona zomwe zinachitika kudimba usiku uja, ndiye amadalira mboni. Mboni imodzi ikhoza kuiwala, kukokomeza kapena kusamva bwino. Zikakhala mboni zisanu, iliyonse inaima pamalo ake, zolakwa zawo zimasiyana: wina wawonjezera apa, wina wachepetsa apo, ndipo zomwe onse akugwirizana zimatsala poyera. Funso lililonse pa fomu ya kafukufuku ndi mboni imodzi ya chinthu chobisikacho. Tikaphatikiza mayankho a mafunso angapo, zinyalala zimafafanizana pang'onopang'ono pomwe gawo lenileni likuunjikana.

Fomu yotchuka kwambiri pa nkhani ya kupanikizika ndi Perceived Stress Scale, yomwe Sheldon Cohen, Tom Kamarck ndi Robin Mermelstein anasindikiza ku America mu 1983. Poyamba inali ndi mafunso 14. Mu 1988 kunatuluka ya mafunso 10, yomwe amaifupikitsa kuti PSS-10, ndipo ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri lero. Chosangalatsa ndi chakuti sifunsa zomwe zinamugwera munthu. Sifunsa ngati ntchito inatha kapena ngati kunagwa maliro. Imafunsa kuti m'mwezi wapitawu, ndi kangati pomwe munthuyo anaona kuti moyo wake sukudziwika kolowera, sungawongoleredwe, kapena wamuchulukira. Maganizo ake ndi akuti vuto limodzi silipsinja anthu awiri mofanana. Ngongole yomwe imamusowetsa tulo wina, mnzake amagona nayo mpaka kuliza mkonono.

Funso lililonse limayankhidwa pa makwerero asanu, kuyambira 0 kutanthauza kuti sizinachitikepo, mpaka 4 kutanthauza kawirikawiri kwambiri. Njira yopereka makwerero oterewa n'kuwaphatikiza inatchuka ndi Rensis Likert mu 1932. Mukaphatikiza mafunso khumi mumapeza nambala ya pakati pa 0 ndi 40. Koma pali msampha umodzi woikidwa dala: mafunso anayi, lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu, amafunsa mbali yabwino, monga ngati munthu anadzimva kuti angathe kuthana ndi mavuto ake. Pa mafunso amenewa, kuyankha 4 ndi chizindikiro cha mtendere. Choncho asanaphatikize amawatembenuza: 4 amakhala 0, 3 amakhala 1, 2 amakhala momwemo.

Tsono funso lalikulu ndi ili: tadziwa bwanji kuti mafunso onsewa akuloza chinthu chimodzi, moti n'koyenera kuwaphatikiza? Tikaphatikiza msinkhu wa munthu, nambala ya ana ake ndi mtunda wochokera kwawo kukafika kumsika, tipezadi nambala, koma yopanda tanthauzo. Mafunso oyenera kuphatikizidwa ayenera kuyendera limodzi. Amene wayankha mokweza pa funso loyamba ayenera, nthawi zambiri, kuyankhanso mokweza pa lachiwiri ndi lachitatu. Kugwirizana kwa mafunso pakati pawo ndi komwe akatswiri amakuyeza, ndipo njira yakale inali yodula fomu pakati: kuphatikiza theka limodzi palokha, theka lina palokha, n'kuona ngati matheka awiriwo akusanja anthu mofanana. Vuto linali lakuti mafunso khumi angadulidwe pakati m'njira 126, ndipo njira iliyonse imapereka yankho lake. Mu 1951 Lee Cronbach anasonyeza kuti pali nambala imodzi yomwe ndi avereji ya madulidwe onsewo, ndipo anaitcha alifa, dzina la chilembo choyamba cha Chigiriki.

Masamu ake si oopsa, ndipo njira yabwino yowamvetsa ndi kuwachita ndi manja. Tiyeni tipeke kafomu ka mafunso anayi ndi anthu asanu. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti tione mmene zimayendera; kafukufuku weniweni amafuna anthu mazana. Funso A likuti: m'mwezi wapitawu, ndi kangati munaona kuti zinthu zofunika pa moyo wanu zakupulumukani m'manja? Funso B: ndi kangati mtima wanu sunali m'malo? Funso C: ndi kangati mavuto anakuunjikirani mpaka kusowa pogwira? Funso D ndi la mbali yabwino: ndi kangati munadzimva kuti mungathe kuthana ndi mavuto anu? M'tebuloli, mayankho a D tawatembenuza kale.

| Munthu | A | B | C | D | Zonse pamodzi |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 | 0 | 1 | 1 | 0 | 2 |
| 2 | 1 | 0 | 2 | 2 | 5 |
| 3 | 2 | 3 | 1 | 1 | 7 |
| 4 | 3 | 2 | 3 | 4 | 12 |
| 5 | 4 | 4 | 3 | 3 | 14 |

Ngakhale ndi maso okha mukuona kuti munthu woyamba ali pansi pa mafunso onse ndipo wachisanu ali pamwamba pa pafupifupi onse. Alifa imangosandutsa zomwe maso akuonazo kukhala nambala. Chida chake ndi valiyansi, muyeso wa mmene mayankho amwazikira kuchoka pa avereji yawo. Titenge funso A. Avereji yake ndi 2. Mayankho asanuwo atalikira avereji ndi 2, 1, 0, 1 ndi 2. Nambala iliyonse tiichulukitse ndi iyo yomwe, tipeza 4, 1, 0, 1, 4, zomwe pamodzi ndi 10. Tigawe ndi 4, kutanthauza chiwerengero cha anthu kuchotsapo mmodzi, tipeza 2.5. Tikachita chimodzimodzi ndi mafunso enawo, B ipereka 2.5, C ipereka 1, D ipereka 2.5. Tikaphatikiza mavaliyansi anayiwa tipeza 8.5.

Kenako tichite zomwezo pa mzere womaliza, wa zonse pamodzi. Avereji ya 2, 5, 7, 12 ndi 14 ndi 8, ndipo valiyansi yake ikutuluka 24.5. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mafunsowa akanakhala kuti sakugwirizana n'komwe, aliyense akungoyenda njira yake, valiyansi ya zonse pamodzi ikanakhala pafupi ndi 8.5 yomwe ija, chifukwa kukwera kwa munthu pa funso lina kukanafafanizidwa ndi kutsika kwake pa lina, ndipo anthu onse akanaunjikana pakatikati. Koma yatuluka 24.5. Kusiyana kwa manambala awiriwa, 16, kwabwera chifukwa mafunsowo akukokera mbali imodzi: wokwera akukwera paliponse, wotsika akutsika paliponse, choncho anthu atalikirana. Fomula yake ndi iyi, pomwe k ndi chiwerengero cha mafunso:

```
α = k/(k − 1) × (1 − Σs²ᵢ / s²ₜ)
α = 4/3 × (1 − 8.5/24.5) = 0.87
```

Alifa ikamayandikira 1 ndiye kuti mafunso akuyendera limodzi kwambiri. Ikakhala pafupi ndi 0 ndiye kuti sakugwirizana. Pa kafomu kathu, 0.87 ndi nambala yokondweretsa.

Tsopano tiyerekeze kuti wolowetsa manambala mu kompyuta waiwala kutembenuza funso D. Mayankho ake akhala 4, 2, 3, 0, 1, ndipo zonse pamodzi zikhala 6, 5, 9, 8, 12. Valiyansi ya funso lililonse siisintha, ikadali 8.5 tikaphatikiza, koma ya zonse pamodzi yagwa kufika pa 7.5. Alifa ikutuluka −0.18. Anthu ndi omwewo, mafunso ndi omwewo, mayankho ndi omwewo, koma nambala yachoka pa 0.87 kufika pansi pa ziro. Alifa ya pansi pa ziro kawirikawiri imatanthauza zimenezi, kuti funso lina likuwerengedwa chadodolido. Pa fomu ya mafunso ambiri kulakwitsa kotere sikufikitsa alifa pansi pa ziro, kumangoitsitsa mpaka ioneke ngati fomu yofooka, ndipo wophunzira wolemba kafukufuku wake wa digiri amayamba kufufuta mafunso abwinobwino pofuna kuikweza, pomwe vuto lili pa mzere umodzi wosatembenuzidwa.

Pulogalamu za masamu a kafukufuku zimathandiza kuona zimenezi, koma iliyonse ili ndi khalidwe lake. Mu R, munthu amalemba chonchi:

```
library(psych)
alpha(mayankho[, c("A", "B", "C", "D")])
```

Pulogalamuyi imachenjeza ikaona funso lomwe likutsutsana ndi anzake. Stata, ndi lamulo lake la `alpha`, imatembenuza yokha mafunso otere pokhapokha mutailetsa ndi mawu oti `asis`. Zimenezi zimaoneka ngati chifundo, koma n'zoopsa: funso lomwe silinayenera kutembenuzidwa, lomwe likutsutsana ndi anzake chifukwa anthu sanalimve, limatembenuzidwa ndi makina, ndipo wofufuza wosayang'anitsitsa saona kuti fomu yake ili ndi bala.

Chinthu chothandiza kwambiri si alifa yeniyeniyo koma tebulo lomwe limabwera pansi pake. Mu SPSS muli mizere iwiri yofunika, `Corrected Item-Total Correlation` ndi `Cronbach's Alpha if Item Deleted`. Woyambawo ukusonyeza mmene funso lililonse likugwirizanira ndi anzake onse ataphatikizidwa, ilo lokha litachotsedwamo. Wachiwiri ukusonyeza mmene alifa ingakhalire funsolo litachotsedwa. Tiwonjezere funso lachisanu pa kafomu kathu, funso E, loti ndi kangati mutu unakupwetekani, ndipo mayankho akhale 3, 0, 4, 1, 2. Mavaliyansi a mafunso akwera kufika pa 11, ya zonse pamodzi ikhala 24, ndipo alifa itsika kufika pa 0.68. Tebulo lija lisonyeza kuti mgwirizano wa E ndi anzake ndi −0.19, komanso kuti litachotsedwa alifa ibwerera pa 0.87. Ambiri amayamba kukayikira funso ngati mgwirizano wake ndi anzake uli pansi pa 0.3.

Apa m'pofunika nzeru za munthu, chifukwa tebulo limangoloza funso, silinena chifukwa. Mwina kafukufukuyu anachitika m'nyengo ya dzinja pomwe malungo ali ponseponse, ndipo mutu ukupweteka opanikizika ndi osapanikizika omwe. Zikatero funsolo likuyeza malungo, ndipo kulichotsa n'koyenera. Koma mwina ofunsa mafunso amalifotokoza mosiyana, kapena mzere wake unalowetsedwa molakwika. Ndipo nthawi zina funso losagwirizana kwambiri ndi anzake ndi lomwe likugwira mbali ya nkhani yomwe enawo sakuifika. Wofufuza amene amangofufuta funso lililonse lomwe likutsitsa alifa amatsala ndi mafunso ofanana ngati mapasa, ndipo fomu yake imaleka kufanana ndi yomwe ena anagwiritsa ntchito, moti zotsatira zake sizingayerekezedwenso ndi za wina aliyense. Ine ndimaona kuti pa fomu yokhazikika kale ngati PSS-10, ndi bwino kusiya mafunso onse n'kulemba poyera kuti funso lakutilakuti silinayende bwino pa gulu ili.

Nanga alifa yokwanira ndi iti? Pafupifupi lipoti lililonse limatchula 0.7, ndipo limaloza kwa Jum Nunnally ndi buku lake la 1978. Koma Nunnally ananena kuti 0.7 ndi yokwanira kumayambiriro a kafukufuku, pomwe fomu ikadali kuyesedwa. Pomwe nambala ya munthu mmodzi igwiritsidwe ntchito pomuweruza, iye anafuna 0.9 kapena kuposa. Chifukwa chake chimaoneka tikasandutsa alifa kukhala mapointi a fomu. Tinene kuti pa gulu lina, manambala a PSS-10 amwazikana ndi mapointi 6 kuchoka pa avereji, kutanthauza kuti valiyansi ndi 36, ndipo alifa ndi 0.8. Gawo la zinyalala ndi 0.2 ya 36, yomwe ndi 7.2, ndipo muzu wake ndi pafupifupi 2.7. Kumeneko ndiye kulakwa komwe tingayembekezere pa nambala ya munthu mmodzi. Kuti tikhale otsimikiza ndithu timachulukitsa kawiri: munthu amene wapeza 20 akhoza kukhala penapake pakati pa 15 ndi 25. Choncho kunena kuti wopeza 22 ndi wopanikizika kuposa wopeza 20 n'kudzinamiza. Poyerekeza magulu a anthu mazana, zolakwa zoterezi zimafafanizana ndipo 0.8 imagwira ntchito bwino. Cronbach mwiniwake, m'nkhani yomwe inasindikizidwa mu 2004 iye atamwalira kale, ananena kuti muyeso wa kulakwa umenewu ndi wofunika kuulemba kuposa alifa yomwe inamutchukitsa.

Pali chinthu china chomwe chimachititsa kuti malire a 0.7 akhale osadalirika: alifa imakwera mafunso akamachuluka, ngakhale mafunsowo akhale ofooka. Tinene kuti mafunso anu amagwirizana pang'ono chabe, avereji ya mgwirizano wa mafunso awiriawiri ndi 0.2. Akakhala anayi, alifa ndi 0.5. Akakhala khumi, ndi 0.71. Akakhala makumi atatu, ndi 0.88. Mbali ina zimenezi ndi zoona komanso zoyenera, chifukwa mafunso ambiri amafafanizadi zinyalala zambiri. Koma zikutanthauza kuti 0.88 ya mafunso makumi atatu si umboni woti mafunsowo ndi apachibale kwenikweni. Mafunso anayi okha omwe mgwirizano wawo ndi 0.5 amapereka 0.8. Choncho mukawerenga alifa, funsani kaye kuti mafunso analipo angati.

Alifa yokwera kwambiri nayonso ili ndi vuto lake. Mukafunsa kuti “kodi mumada nkhawa?”, kenako “kodi nkhawa imakugwirani?”, kenako “kodi ndinu munthu wankhawa?”, alifa ikhoza kupitirira 0.95. Koma izi ndi mboni zitatu zomwe zinagona nyumba imodzi n'kupangana zokanena. Mwatopetsa woyankha ndi funso limodzi lovala malaya atatu, ndipo mbali zina za kupanikizika, monga kusowa mphamvu pa zochitika kapena kuchulukidwa ntchito, simunazikhudze.

Cholakwa chofala kwambiri, ngakhale pakati pa ophunzira bwino, ndi kuganiza kuti alifa yokwera ikutsimikiza kuti fomu ikuyeza chinthu chimodzi. Sichoncho. Fomu ikhoza kukhala ndi timagulu tiwiri ta mafunso, kagulu kalikonse kogwirizana kwambiri mkati mwake koma kogwirizana pang'ono ndi kanzake, ndipo alifa ya fomu yonse n'kutulukabe yokwera. PSS-10 yomweyi ndi chitsanzo. Ofufuza m'mayiko ambiri akaunika mmene mafunso ake amakhalira m'magulu, kawirikawiri amapeza magulu awiri: mafunso asanu ndi limodzi a kusowa pogwira, ndi anayi aja a kudzidalira. Akatswiri amatsutsanabe ngati izi ndi zinthu ziwiri zosiyanadi kapena ndi zotsatira chabe za kafunsidwe, kuti mafunso ofunsa mbali yabwino amayankhidwa mwa mtundu wawo. Alifa singathetse mkanganowu. Pamafunika njira ina yosanthula mgwirizano wa mafunso onse awiriawiri kuti ione magulu obisika, ndipo ntchito imeneyo iyenera kuchitika alifa isanawerengedwe. Komanso alifa imaganiza kuti funso lililonse likugwira chinthu chobisikacho ndi mphamvu yofanana, zomwe sizichitika kawirikawiri. N'chifukwa chake ofufuza ambiri lero amalembanso nambala ina yotchedwa omega, ya Roderick McDonald, yomwe imalola funso lililonse kukhala ndi mphamvu yake. Pa fomu yabwino ziwirizi sizisiyana kwambiri.

Fomu ikachoka ku America n'kudzafunsidwa pakhonde ku Ntcheu kapena ku Katete, mavuto ena amawonjezekera, ndipo tebulo la pansi lija ndi lomwe limayamba kuwaulula. Kuno mafunso ambiri amawerengedwa mokweza ndi wofunsa, woyankha saona pepala. Gogo wamva mafunso atatu otsatizana onena za mavuto, ndipo wayankha “kawirikawiri” katatu konse. Lachinayi likubwera lotembenuka, lofunsa ngati amadzimva kuti angathe, ndipo iye, atazolowera kale kayendedwe ka mafunso, akuti “kawirikawiri” kachinayi. Ena amavomera chilichonse chifukwa kutsutsa mlendo wovala baji ndi mwano. Ndiponso makwerero asanu ndi ovuta kuwasunga m'mutu: kusiyana kwa “mwa apo ndi apo” ndi “nthawi zina” kumaoneka pa pepala, koma m'khutu ndi chinthu chimodzi. Zotsatira zake n'zakuti mafunso otembenuka amaoneka ofooka pa tebulo. Mankhwala ake sali mu kompyuta. Ndi kukhala pansi ndi anthu ochepa fomu isanapite kumudzi, kuwawerengera funso lililonse, n'kuwapempha kuti, “Amayi, tandiuzani m'mawu anu zomwe ndakufunsanizi.” Ofufuza ena amajambula makwererowo pa khadi kuti woyankha angoloza.

Izi zikutifikitsa pa mfundo yomwe malipoti ambiri amaiphonya. Alifa si chizindikiro chomatidwa pa fomu mpaka kalekale. Ndi ya mayankho a gulu lomwe lafunsidwa, m'chinenero chomwe lafunsidwira. Wofufuza amene walemba kuti fomu yake “ndi yodalirika chifukwa eni ake anapeza alifa yokwera” sanatiuze kanthu za anthu ake. Ngakhale chinenero chisasinthe, alifa imatsika gulu likakhala la anthu ofanana kwambiri. Mukafunsa okhawo amene abwera kudzafuna uphungu, onse ali opanikizika, valiyansi ya zonse pamodzi imachepa, ndipo fomula ija imatulutsa nambala yotsika ngakhale mafunso ali omwewo.

Ndipo ngakhale zonsezi zitayenda bwino, alifa ili pa 0.85, mafunso ali gulu limodzi, palibe lotembenuka molakwika, funso lalikulu limatsalabe: kodi chinthu chomwe mafunsowa akugwirizanapo ndi kupanikizika maganizo? Akhoza kugwirizana chifukwa onse akuyeza njala ya mwezi wa Febuluwale, kapena chizolowezi chodandaula, kapena chiyembekezo choti woyankha momvetsa chisoni alembedwa m'kaundula wa thandizo. Alifa imayang'ana mkati mwa fomu mokha. Kuti tidziwe ngati fomu ikuyeza chomwe ikunena, tiyenera kuiyerekeza ndi chinthu cha kunja kwake.

Cohen anachita zimenezi m'njira yodabwitsa. Mu kafukufuku wosindikizidwa mu 1991, womwe unachitikira ku Common Cold Unit ku Salisbury, ku England, anthu odzipereka 394 anayankha mafunso a kupanikizika, kuphatikizapo a fomu yake ija, kenako anawadonthezera tizilombo ta chimfine m'mphuno n'kuwasunga kwaokha. Amene anali ndi manambala okwera ndi amene anadwala chimfine mochuluka. Umenewu ndi umboni wa mtundu wina, chifukwa nambala ya pa pepala inalosera zomwe zinachitika m'thupi.

Kuno kwathu njira yotere inatsatidwa ndi fomu ina, SRQ-20, ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Ili ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, okhudza zinthu monga tulo, chilakolako cha chakudya, kulira, ndiponso kupweteka kwa mutu komwe tinakukayikira m'chitsanzo chathu. Robert Stewart ndi anzake anaiika m'Chichewa n'kuiyesa pa amayi a ana aang'ono pa chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2009. Sanakhutire ndi kugwirizana kwa mafunso okha. Anayerekeza manambala a fomuyo ndi zomwe zinapezeka amayiwo atafunsidwa mozama m'njira yomwe akatswiri a matenda a maganizo amapezera matenda, kuti aone kuti fomuyo ikugwira odwala angati, ikuphonya angati, ndipo ikuloza angati omwe sakudwala. Ku Zimbabwe, Vikram Patel ndi anzake anayambira kwina: anatola mawu omwe odwala enieni amagwiritsa ntchito pofotokoza mavuto awo, monga kuganiza kwambiri, n'kupanga fomu ya mafunso 14 ya Chishona yomwe inasindikizidwa mu 1997. Ndi yomwe pulogalamu ya Friendship Bench yakhala ikugwiritsa ntchito posankha oyenera uphungu.

PSS-10 yokha sinapangidwe kuti ipeze matenda, ndipo eni ake sanaike malire oti kuyambira nambala yakuti munthu ndi wodwala. Magawo omwe amafala oti 0 mpaka 13 ndi pang'ono, 14 mpaka 26 ndi pakatikati, 27 mpaka 40 ndi kwambiri, anaikidwa ndi ena pofuna kufewetsa ntchito. Lipoti likanena kuti anthu ochuluka mwakuti pa sukulu kapena pa kampani “ali ndi vuto lalikulu la kupanikizika” potengera magawo amenewa, alifa yake ingakhale yokongola bwanji, malirewo sanayesedwe pa anthuwo pokhapokha olembawo atasonyeza kuti anawayesa ndi chinthu cha kunja kwa fomu, monga anachitira ku Thyolo.